Masamu a pa chithunzi: u ndi uti, dv ndi uti?

Masiku ano mafunso ambiri a masamu amayenda pa foni. Wina amapeza pepala la mayeso akale lomwe linachitidwa kale fotokope kangapo, n'kulisikana kapena kungolijambula, ndiye chithunzicho chimayamba kuzungulira m'magulu a ophunzira pa WhatsApp. Pofika kwa munthu wachisanu, zilembo zikuluzikulu zimaonekabe bwino, koma tizilembo tating'ono ta m'mwamba timakhala titasanduka timadontho. M'kalata zimenezi sizivuta, chifukwa liwu lofufutika munthu amalidziwa poona anzake oyandikana nalo. M'masamu a kalikulasi kadontho kamodzi kamatha kusintha funso lonse, pamodzi ndi njira yoliyankhira.

Titenge funso limodzi la mtundu womwe ophunzira kalikulasi amakumana nawo kawirikawiri:

∫₀¹ x e^(2x) dx

Kachizindikiro ka ^ kakusonyeza kuti zomwe zili m'mabulaketimo zakwera pamwamba ngati pawa. Pa pepala lenileni, 2x ameneyu amalembedwa mwa tizilembo tating'ono pa phewa la e, ndipo ndi pomwepo pamene chithunzi chimayambira kunama.

Wophunzira amene walandira funsoli ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuwerenga molondola zomwe zalembedwa. Yachiwiri ndi kusankha: pa zinthu ziwiri zomwe zachulukitsidwa apa, x ndi e^(2x), n'chiti choti achidifarenshiyete, nanga n'chiti choti achiintigirete? Njira yomwe imafuna chisankho chimenechi imatchedwa intigireshoni ya m'zigawo, ndipo ophunzira amangoti “bayi patsi”. Fomula yake ndi yaifupi, munthu amailoweza tsiku limodzi. Chomwe chimagwetsa ambiri ndi chisankhocho.

Kwa amene sanafike pa kalikulasi

Kudifarenshiyeta ndi kufunsa kuti chinthu chikusintha mofulumira bwanji. Mukadziwa mtunda womwe basi yayenda pa mphindi iliyonse, kudifarenshiyeta kumakupatsani liwiro lake. Kuintigireta ndi kubwerera: mukadziwa liwiro pa mphindi iliyonse, kumakupatsani mtunda wonse. Pa girafu, kuintigireta kumapereka eriya ya malo omwe ali pansi pa mzere wa girafuyo. Chizindikiro chachitali chija cha ∫, chomwe Gottfried Leibniz anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1675, chimati intigiretani, ndipo timanambala tiwiri 0 ndi 1, tomwe timatchedwa malimiti, tikunena poyambira ndi pothera.

Pa nkhani yathuyi mukufunika kudziwa zochepa chabe. Mukadifarenshiyeta x mumapeza 1. Mukadifarenshiyeta x² mumapeza 2x, ndipo x³ amapereka 3x². Onani kuti nthawi iliyonse pawa ikutsika ndi 1. Pobwerera, kuintigireta x kumapereka x²/2, ndipo kuintigireta x² kumapereka x³/3: pawa ikukwera. Koma e^(2x) khalidwe lake ndi lina. Chilembo e chimaimira nambala yomwe ili pafupifupi 2.718, ndipo mukadifarenshiyeta e^(2x) mumapeza 2e^(2x), mukamuintigireta mumapeza ½e^(2x). Uku kapena uko, iye sasintha maonekedwe, kungosintha nambala yakutsogolo basi. Kusiyana kwa makhalidwe awiriwa ndi kumene kudzatitsogolere posankha.

Werengani kaye musanagwire cholembera

Pa chithunzi chosaoneka bwino, pawa ya e ingawerengedwe m'njira zitatu. Ingakhale 2x monga talembera. Ingakhale −2x, ngati kamzere ka mayinasi kanafufutika pa fotokope, ndipotu kamzere kameneka ndiko kamayamba kusowa inki ikachepa. Ingakhalenso x², ngati ka 2 kaja kali kumbuyo kwa x ndipo kakwera pang'ono. Mayankho ake ndi otalikirana kwambiri: 2x amapereka pafupifupi 2.097, −2x amapereka pafupifupi 0.148, ndipo x² amapereka pafupifupi 0.859.

Kusiyanaku si kwa mayankho okha. Ngati funso ndi ∫ x e^(x²) dx, ndiye kuti bayi patsi safunika n'komwe. Derivetivi ya x² ndi 2x, ndipo x ali kale panja poyembekezera, choncho mumangolowetsa chilembo china m'malo mwa x², njira yomwe amaitcha sabusitityushoni, n'kupeza ½e^(x²) pa mzere umodzi. Wophunzira amene wawerenga molakwa akhoza kutha theka la ola akulimbana ndi njira yomwe funsolo silinaifune.

Nanga mungadziwe bwanji zomwe zinalembedwa? Kulitsani chithunzicho ndipo muyerekeze kachilembo kokayikitsako ndi tinzake ta pa tsamba lomwelo, chifukwa 2 wa pa funso lina analembedwa ndi makina omwewo. Onani ngati pakati pa e ndi pawa yake pali kampata kokulirapo kusiyana ndi pa mafunso ena, poti mayinasi akafufutika amasiya malo ake. Onaninso mawu a funsolo ndi malikisi ake. Funso likanena kuti mugwiritse ntchito bayi patsi, x² sangakhale amene analembedwa. Funso lomwe lapatsidwa malikisi asanu kapena asanu ndi limodzi silingakhale lotha ndi mzere umodzi. Zonsezi zikakanika, lembani pamwamba pa ntchito yanu kuti mwawerenga funsolo motere, kuti amene akuthandizani kapena kukuchongerani adziwe pomwe mwayambira. Ife tipitirira ndi 2x.

Kumene fomula inachokera

Mu kalikulasi muli lamulo lodifarenshiyetera zinthu ziwiri zochulukitsidwa. Tikazitcha u ndi v, lamuloli limati mudifarenshiyete chimodzi chinacho chili chiimire, kenako musinthe, n'kuphatikiza:

d(uv) = u dv + v du

Mukaintigireta mbali zonse ziwiri n'kusamutsa gawo limodzi kupita tsidya linalo, mumapeza fomula ya bayi patsi:

∫ u dv = uv − ∫ v du

Katswiri wa masamu wa ku Mangalande, Brook Taylor, ndi amene amatchulidwa kuti anaifalitsa njirayi m'buku lake la mu 1715.

Yang'anitsitsani kumanja kwa fomulayi. Chizindikiro cha ∫ chikadalipo. Fomulayi siyankha funso lanu, imangolisinthanitsa ndi funso lina. Zili ngati munthu wa ngongole amene wakongola kwina kuti abweze yoyambayo: ngongole ikadalipo, ndipo nzeru yonse yagona pa kuona ngati yatsopanoyo ili yopepuka kuposa yakale. Ngati ∫ v du ndi yophweka kuposa ∫ u dv, mwapindula. Ngati ndi yovuta kuposa, mwadziwonjezera mtolo.

Choncho posankha pali mafunso awiri okha. Loyamba: kodi chomwe ndikufuna kuchitcha dv ndingathe kuchiintigireta? Lachiwiri: ndikachulukitsa v ndi du, kodi chotsalacho chapepuka? Malamulo ena onse omwe mungamve anachokera pa mafunso awiriwa.

Njira ziwiri pa funso lathu

Tiyambe ndi chisankho chomwe sichithandiza, kuti muone m'mene chimadzionetsera. Wophunzira wina amaganiza kuti, poti x ndi wophweka kuintigireta, ndiye akhale dv. Amalemba u = e^(2x) ndi dv = x dx. Pamenepo du = 2e^(2x) dx ndipo v = x²/2. Polowetsa mu fomula, 2 wa mu du amadyana ndi ½ wa mu v, n'kutsala:

∫ x e^(2x) dx = ½x² e^(2x) − ∫ x² e^(2x) dx

Mzere umenewu ndi woona, palibe cholakwika chilichonse pa masamu ake. Koma taonani chomwe chatsala. Tinayamba ndi x, tsopano tili ndi x². Akabwerezanso chisankho chomwecho adzapeza x³, kenako x⁴, ndipo pepala lidzatha yankho lisanaoneke. Chizindikiro chake ndi chimenechi: pawa ya x ikakwera pamene mnzakeyo sanapepuke, imani pomwepo, lembani mzere modula ntchitoyo, musinthe chisankho. Mwangotaya mizere itatu, si zambiri ayi.

Tsopano titembenuze. Tisankhe u = x ndi dv = e^(2x) dx. Funso loyamba: kodi e^(2x) tingamuintigirete? Inde, v = ½e^(2x). Funso lachiwiri: du = dx, kutanthauza kuti x wasanduka 1 ndipo wachoka m'njira. Chotsala ndi e^(2x) yekha ndi theka lake. Ndimalimbikitsa ophunzira kuti zinthu zinayi izi azizilemba poyera asanakhudze fomula:

u = x, dv = e^(2x) dx
du = dx, v = ½e^(2x)

Kenako fomula:

∫ x e^(2x) dx = ½x e^(2x) − ∫ ½e^(2x) dx = ½x e^(2x) − ¼e^(2x) + C

Kota ameneyu wachokera pa theka lochulukitsidwa ndi theka linzake, chifukwa e^(2x) waintigiretedwa kawiri. Chilembo C chimaimira nambala iliyonse yosasintha, ndipo chimalembedwa pamene funso lilibe malimiti.

Chifukwa chomwe chisankhochi chayendera bwino n'chosavuta kuchigwira. Kudifarenshiyeta kumamutha x, kuintigireta kumamukulitsa. Koma e^(2x) salabada kuti mwamuchita chiyani. Ndiye ntchito yodifarenshiyeta ipite kwa amene apindule nayo, ndipo yointigireta ipite kwa amene saonongeka nayo. Funso likanakhala ndi x² m'malo mwa x, chisankho chikanakhala chomwecho, kungoti mukanachita bayi patsi kawiri, kuchoka pa x² kufika pa 2x, kenako pa 2.

Tsopano malimiti. Pa x = 1 tikupeza ½e² − ¼e², zomwe ndi ¼e². Pa x = 0 gawo loyamba ndi ziro, koma lachiwiri ayi, chifukwa e⁰ ndi 1, choncho tikupeza −¼. Tikachotsera chapansi ku chapamwamba:

¼e² − (−¼) = (e² + 1)/4

Popeza e² ndi pafupifupi 7.389, yankho ndi pafupifupi 2.097. Ambiri amapunthwa pomwepa ntchito yovuta itatha kale. Amazolowera kuti limiti ya ziro imapereka ziro, ndiye amaidumpha n'kulemba 1.847. Pamene pali e, ziro ayenera kulowetsedwa ndithu.

Pamene x yemweyo asintha mbali

Wophunzira akachita mafunso atatu kapena anayi a mtundu umenewu amayamba kukhulupirira kuti x ndiye u nthawi zonse. Chikhulupiriro chimenechi chimatha tsiku lomwe wakumana ndi funso ngati ili:

∫₁² x² ln x dx

Apa ln x ndi logarizimu ya pa e. Pa chithunzi, ln amavutanso kuwerenga, chifukwa l wamng'ono amafanana ndi I wamkulu ndiponso ndi 1, ndipo mapulogalamu osandutsa chithunzi kukhala zolemba nthawi zambiri amatulutsa “In x” kapena “1n x”. Mukaona zimenezi m'funso la kalikulasi, dziwani kuti ndi ln. Chenjeraninso ndi malo a 2: ln x² ndi (ln x)² ndi zinthu zosiyana, choyambacho ndi 2 ln x chabe pamene x ndi woposa ziro, chachiwiricho chimafuna bayi patsi kawiri.

Tifunse mafunso athu awiri. Kodi ln x tingamuintigirete msangamsanga? Ambiri sangathe, poti intigiro yake sili pa mndandanda wa zoyambirira zomwe munthu amaloweza. Koma kumudifarenshiyeta n'kosavuta, ndipo zotsatira zake n'zokoma: ln x amasanduka 1/x, logarizimu yatheratu. Tsono x² avomere kuintigiretedwa, ngakhale pawa yake ikwere:

u = ln x, dv = x² dx
du = (1/x) dx, v = x³/3

Chotsala ndi v kuchulukitsa ndi du, ndiye kuti x³/3 kuchulukitsa ndi 1/x, zomwe ndi x²/3. Pawa inakwera kufika pa 3, koma 1/x waibweza pa 2, ndipo logarizimu kulibenso.

∫ x² ln x dx = (x³/3) ln x − ∫ (x²/3) dx = (x³/3) ln x − x³/9 + C

Pa x = 2 tikupeza (8/3) ln 2 − 8/9. Pa x = 1, ln 1 ndi ziro, choncho tikupeza −1/9. Yankho ndi (8/3) ln 2 − 7/9, ndipo poti ln 2 ndi pafupifupi 0.6931, limeneli ndi pafupifupi 1.071.

N'chifukwa chake ndinanena kuti chizindikiro cha ngozi ndi kukwera kwa pawa pamene mnzakeyo sanapepuke. Kukwera kwa pawa pakokha si mlandu. Pa funso loyamba pawa inakwera, e^(2x) n'kukhala m'mene analili, ndipo sitinapindule kanthu. Pa funso lachiwiri pawa yakwera koma logarizimu yachoka, ndipo phindu lake ndi lalikulu.

Nanga ln x akakhala yekha, popanda mnzake womuchulukitsa? Mnzakeyo alipo, kungoti saoneka: ndi 1. Tengani u = ln x ndi dv = dx, kotero v = x. Chotsala ndi x kuchulukitsa ndi 1/x, zomwe ndi 1, ndipo ∫ ln x dx = x ln x − x + C. Njira yomweyi imagwiranso ntchito pa arctan x ndi arcsin x akakhala okha.

Pali chinthu china chomwe sichinenedwa kawirikawiri m'kalasi, ndipo ine ndimaona kuti ophunzira ayenera kuchidziwa. Chisankho chomwe timachitcha cholakwika nthawi zina chimafikitsabe ku yankho, kungoti modutsa kutali. Tayesani u = x² ndi dv = ln x dx pa funso lomweli, pogwiritsa ntchito v = x ln x − x yemwe tangomupeza. Intigiro yomwe tikuifunayo tiitche I. Mukatambasula zonse mupeza:

I = x³ ln x − x³ − 2I + (2/3)x³

Funso lomwe tinayamba nalo labweranso kumanja. Musachite mantha, lisamutseni ngati mu alijebura wamba: 3I = x³ ln x − x³/3, ndipo mukagawa ndi 3 mupeza yankho lomwe lija. Choncho kubwerera kwa funso loyamba si kulephera nthawi zonse. Pa mafunso ngati ∫ eˣ sin x dx ndiyo njira yeniyeni yoyankhira: mumachita bayi patsi kawiri, funso limabwerera, n'kulisamutsa. Chofunika pamenepo ndi kusasintha maganizo pakati. Ngati ulendo woyamba munadifarenshiyeta sin x, ulendo wachiwiri mudifarenshiyete cos x yemwe watulukayo. Mukatembenuza, mumafafaniza zomwe munachita, n'kuthera pa I = I.

Za LIATE, ndi pomwe amalekera

Ophunzira ambiri amadziwa zilembo zisanu izi: LIATE. Ndi mndandanda wa mitundu ya mafankishoni. L akuimira malogarizimu monga ln x. I akuimira otembenuza a tirigonometiri monga arctan x. A akuimira a alijebura monga x ndi x². T akuimira a tirigonometiri monga sin x ndi cos x. E akuimira a ekisiponenshiyo monga e^(2x). Lamulo lake ndi lakuti amene wayambirira pa mndandandawu akhale u, winayo akhale dv. Herbert Kasube analemba za mndandandawu mu 1983 m'magazini ya masamu ya American Mathematical Monthly.

Pa mafunso athu awiri LIATE akunena zoona. Pa x e^(2x), A ali patsogolo pa E, ndiye u = x. Pa x² ln x, L ali patsogolo pa A, ndiye u = ln x. Sizinangochitika mwamwayi. Omwe ali kumayambiriro kwa mndandanda ndi ovuta kuintigireta koma amapepuka kwambiri akadifarenshiyetedwa, ndipo omwe ali kumapeto ndi osavuta kuintigireta. LIATE ndi mafunso athu awiri aja ataikidwa m'zilembo zisanu.

Sindiletsa wophunzira kumugwiritsa ntchito, makamaka m'mayeso pamene nthawi ikuthamanga. Koma amene amadziwa zilembozo osadziwa chifukwa chake amasowa pogwira akakumana ndi funso ngati ili:

∫ x³ e^(x²) dx

LIATE akuti u = x³ ndi dv = e^(x²) dx. Mukayesa kupeza v mukhala pomwepo mpaka nthawi itatha, chifukwa intigiro ya e^(x²) singalembedwe ndi mafankishoni wamba omwe timaphunzira kusukulu. Si kuti n'njovuta chabe, koma kuti n'zosatheka, ndipo chiphunzitso chotsimikizira zoterezi anachiyamba Joseph Liouville wa ku France m'zaka za m'ma 1830. Apa funso loyamba lija ndilo likupulumutsani: kodi dv ndingamuintigirete? Tinaona kale kuti x e^(x²) amaintigiretedwa mosavuta. Ndiye x³ agawidwe pawiri, x mmodzi apite kwa dv, x² atsale ngati u:

u = x², dv = x e^(x²) dx
du = 2x dx, v = ½e^(x²)

∫ x³ e^(x²) dx = ½x² e^(x²) − ∫ x e^(x²) dx = ½x² e^(x²) − ½e^(x²) + C

Phunziro la funso limeneli ndi lakuti zigawo ziwirizo si nthawi zonse pamene zimakhala monga zikuonekera pa pepala. Inu ndi amene mumadula, ndipo mukhoza kudula paliponse, malinga ngati u kuchulukitsa ndi dv akubweza funso lonse popanda chotsala. Mukasowa poyambira, yambani ndi dv: tengani gawo lalikulu koposa lomwe mungathe kuliintigireta, zotsalazo zikhale u. Taonaninso m'mene kawerengedwe ka chithunzi kakulowereranso apa. Pawa ikakhala 2x, funsoli ndi la bayi patsi katatu motsatira LIATE. Ikakhala x², ndi la kamodzi, ndipo LIATE akusocheretsani.

Kudzichonga nokha

Ubwino wa kuintigireta ndi wakuti yankho mungalitsimikize nokha popanda kudikira aphunzitsi. Difarenshiyetani zomwe mwapeza, ndipo muyenera kubwerera pa funso. Tiyese ndi ½x e^(2x) − ¼e^(2x). Gawo loyamba limapereka ½e^(2x) + x e^(2x). Gawo lachiwiri limapereka −½e^(2x). Matheka awiriwo akudyana, kutsala x e^(2x). Ngati sanadyane, zotsalirazo zimakulozerani pomwe palakwika. Kukatsala e^(2x) wathunthu, mwalemba pulasi pomwe pamafunika mayinasi. Gawo lokhala ndi x likatuluka ndi 2 kapena 4 patsogolo pake, mwalakwitsa v: mwina mwaiwala theka, mwina mwadifarenshiyeta e^(2x) m'malo momuintigireta, zomwe zimachitika kwambiri munthu akatopa.

Pa funso la malimiti palinso njira ina yachangu. Girafu ya x e^(2x) imayamba pa 0 pamene x = 0, n'kufika pa 7.389 pamene x = 1, ndipo imakwera mopindikira m'mwamba, kotero kuti yonse ili pansi pa mzere woongoka wolumikiza nsonga ziwirizo. Mzere umenewo umapanga thirayango yomwe eriya yake ndi theka la 1 kuchulukitsa ndi 7.389, pafupifupi 3.69. Yankho liyenera kukhala pakati pa 0 ndi 3.69. Amene wasokoneza mayinasi wa mu fomula amapeza pafupifupi 5.29, ndipo thirayango ikumuuza nthawi yomweyo kuti n'zosatheka. Koma njirayi ili ndi malire: 1.847 wa munthu amene anadumpha limiti ya ziro amadutsa osagwidwa. Imagwira zolakwa zikuluzikulu zokha.

Chomwe kudzichonga sikungagwire ndi kuwerenga funso molakwa. Ngati pa pepala panali −2x inu n'kuwerenga 2x, ntchito yanu idzagwirizana yokha kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma mudzakhala mutayankha funso lomwe silinafunsidwe. N'chifukwa chake amene akutumiza funso kwa mnzake ali ndi udindo. Yalani pepala pamalo osalala ndi owala bwino, jambulani funso limodzi pafupi m'malo mwa tsamba lonse, ndipo litumizeni ngati dokyumenti kuti foni isachepetse chithunzicho. Pansi pake lembaninso funsolo ndi mabulaketi, monga x*e^(2x), ndi malimiti ake. Lembaninso u ndi dv omwe mwayesa kale ndi pomwe mwakanirira, chifukwa wokuthandizaniyo akaona mizere inayi ija amadziwa msanga pomwe pavuta.

Ngati muli ndi pepala pafupi, yesani ∫ x cos x dx kuyambira pa 0 mpaka pa π/2. Chitani zisankho zonse ziwiri, ndipo pa chilichonse mulembe ∫ v du musanapitirire, kuti muone nokha chomwe chapepuka. Yankho ndi π/2 − 1, pafupifupi 0.571, ndipo kalikuleta yanu ikhale pa maradiyani.